Amesitiri atatu, mitengo itatu: ndimutenge uti pa alimazeni yanga ya ku Ulongwe?

MayiWaMbatatesi
Abale ndithandizeni nzeru mutu wanga waima. Ndikufuna kumanga alimazeni yosungiramo mbatatesi ndi soya kuseri kwa nyumba kuno ku Ulongwe, mamita 8 kwa 12, ya mabuloko, pansi pa simenti, chitseko chimodzi chachitsulo. Ndafunsa amesitiri atatu koma aliyense wabwera ndi nyimbo yakeyake. Woyamba akuti ndimupatse 480 mili metikali, ndiye kuti 480,000, iye agula zonse, ine ndidzangolandira makiyi. Wachiwiri akuti iye sanganene mtengo umodzi, ndizimubwezera chilichonse chomwe wagula ndi chomwe walipira anyamata, azindionetsa maresibu, ndiye pamwamba pake ndiziikapo 15 pa 100 iliyonse ngati yake, akuti akuona ngati zonse zikwana 380 mili tisanaike yakeyo. Wachitatu akuti ndizimulipira pa tsiku, iye 700, maajudanti awiri 300 aliyense, katundu ndizigula monga akufunikira, akuti masiku 50 amaliza ndipo katundu angakwane 330 mili. Bambo a kunyumba akuti titenge wachitatuyu chifukwa ndi wotchipa. Ine mtima ukukana koma sindikudziwa chifukwa chake. Ndikufuna denga likhale litakwera mvula isanagwe.

Domwe_Boyz
Wa pa tsikuyo musayerekeze. Mudzakolola soya kawiri iye akadali pa windo.

Nachisale77
Kkkkk a Domwe mwayambapo. Koma zoona amayi, munthu wa pa tsiku safulumira, afulumiriranji poti tsiku lililonse ndi ndalama

FisikaliWakale
Amayi, tiyeni tiyambe tawerengera kaye tisanatukwane munthu. Woyamba ndi 480 basi. Wachiwiri, 15 pa 100 ya 380 ndi 57, ndiye zonse 437. Wachitatu anthu atatuwo akudya 1,300 pa tsiku, masiku 50 ndi 65 mili, kuphatikiza katundu wa 330 ikukwana 395. Ndiye bambo a kunyumba sakunama, papepala wachitatu ndiye wotsika, akusiyana ndi woyamba ndi 85 mili.

Koma pa manambala atatuwa, imodzi yokha ndiyo lonjezo. 480 ija munthuyo wadzimangirira nayo. 437 ndi 395 ndi zongoganizira, zikapitirira palibe amene mungamugwire pakhosi. Ndiye funso lomwe mtima wanu ukufunsa ndi lakuti zinthu zikapanda kuyenda monga tikuganizira lero, ndani apise mthumba.

Titenge simenti. Tinene kuti nyumbayi idya matumba 200, ndiye pakati pa ntchito thumba lakwera ndi 60. Imeneyo ndi 12 mili yoonjezera. Kwa woyamba, 12 mili imeneyo ndi mutu wake, inu simukuimva nkomwe. Kwa wachitatu mulipira ndinu, 12 mili. Kwa wachiwiri mulipira 12 mili kenako 15 pa 100 yake pamwamba, 13,800, kutanthauza kuti simenti ikakwera iye amapindula 1,800 asanagwire ndi fosholo yomwe.

85 mili ija imene woyamba wakwera nayo sikuti yonse ndi dyera ayi. Mbali ina ndi malipiro oti asenze iyeyo mavuto amenewa mmalo mwa inu. Zikayenda bwino adya yekha, zikavuta alira yekha.

MayiWaMbatatesi
Eee apa ndiye ndayamba kuona. Ndiye wachiwiriyu akhoza kupitirira woyamba?

FisikaliWakale
Mosavuta. Gawani 480 ndi 1.15 mupeza pafupifupi 417. Ndiye maresibu ake akangodutsa 417 mili basi wadula kuposa woyamba. Kuchoka pa 380 kufika 417 ndi 37 mili yokha, osakwana ndi 10 pa 100. Pa ntchito yomanga ndalama imeneyo imapita ngati madzi, maloli angapo a mchenga ndi birita, zitsulo zoonjezera pangono, yatha.

Wachitatu ali ndi mpata waukuluko. Kuti 85 mili ithe ndi masiku okha pafunika masiku ena 65 pamwamba pa 50 aja. Koma mavuto sabwera limodzilimodzi. Atatenga masiku 80 ndiye kuti anthu adya 104 mili, katundu nkukweranso ndi 10 pa 100 kufika 363, mwafika kale 467. Mwatsala ndi 13 mili yokha kuti mufanane ndi woyamba, chonsecho inu mwakhala miyezi itatu mukuthamanga ku sitolo ndi kulondera anthu.

Chimwene_Furankungo
Ine za makontaratu sindifuna nkumva komwe. Tinasaina ya fodya, anatipatsa fetereza ndi mbewu pangongole, pogula anatiikira fodya yense giredi yotsika, atadula ngongole ndinabwera ndi ndalama yosakwana ndi njinga yomwe. Kontaratu ndi msampha wa anthu ophunzira basi

Nachisale77
Achimwene pepani nazo koma pano tikukamba zomanga, osati za fodya

Chimwene_Furankungo
Pepala ndi pepala achemwali. Wolemba ndiye amadya.

MesitiriZuze
Ndalowa mochedwa koma ndilankhuleko ngati munthu wogwira chipande, chifukwa apa mukutiweruza ife amisiri tilibe wotiyankhulira. Mtengo umodzi wa zonse unandigwetsa ine mu 2016. Ndinagwirizana ndi bambo wina kumayambiriro kwa chaka, nyumba ya zipinda zitatu, zonse kwa ine. Nthawi imeneyo dola inali cha mma 45, pofika Okutobala inali kuyandikira 80. Malata, zitsulo, misomali, penti, chilichonse chochokera kunja chinauluka. Ndinapita kukawadandaulira, anangotulutsa pepala nkundionetsa pomwe ndinasaina. Ndinamaliza nyumba ija ndi ndalama ya ng'ombe yanga, ndinagulitsa ng'ombe yapangolo kuti dzina langa lisaipe. Mpaka lero ndikadutsa pa nyumba ija ndimayang'ana kumbali.

Chichokereni pamenepo munthu akafuna mtengo umodzi ndimamupatsa, koma ndimaikamo ya mantha. Ndipo ndimalemba kuti mtengowu ukugwira masiku 30, akachedwa kuyamba tiwerengeranso. Ndiye amayi musadabwe ndi 480, mnzangayo mwina anapsapo kale.

Ndipo a Domwe, si tonse a pa tsiku amene timazengereza. Ena tili ndi obula ina ikutidikira, tikufuna timalize tichoke.

Domwe_Boyz
A mesitiri inu ndinu mmodzi pa khumi. Enawo 9 koloko ndi pomwe akusakaniza simenti, 11 koloko akufunsa ngati nsima yapsa

MesitiriZuze
Nanga mwini wake akakhala sanabweretse mchenga tizimanga ndi malovu? Theka la masiku otayika pa ntchito ya pa tsiku amataya ndi mwini nyumba. Simenti yatha Lachiwiri, iye akuti dikirani ndigulitse nyemba Loweruka pa msika. Ife tabwera, takhala, tsikulo ndilembe kapena ndisalembe?

AnaTsangano
Ine ndikuona ngati wachiwiri ndi wachitatu ndi chimodzimodzi, onse mukulipira zomwe zalowa. Kusiyana kwake ndi dzina chabe. Ndipo woyambayo ndiye alibe vuto lililonse kwa inu amayi, mukasaina mukagone tulo, chilichonse chochitika ndi chake.

FisikaliWakale
A Tsangano mwakhoza theka. Akufanana poti onse awiri ntchito ikakula kapena ikatalika wolipira ndi mayiwa. Koma pali pomwe asiyana. Wachitatu wanena kuti ajudanti ndi 300 pa tsiku. Tinene nthawi yokumba mbatatesi yafika, anyamata onse athamangira ganyu kumadimba, wopezeka akufuna 400. Mesitiriyo adzamulipira 400 koma kwa mayiwa adzalandira 300 yomwe ija, 100 ichoka mwa iye. Akapeza mwana wa mlongo wake wa 200, 100 yotsalayo ndi yake, ndipo mayiwa alibe chifukwa chofunsira. Mtengo wa tsiku ndi wokhoma, phindu lake lili mkati momwemo. Chomwe sichinakhomedwe ndi kuchuluka kwa masiku.

Wachiwiri alibe chokhoma chilichonse. Ajudanti akakwera kufika 400 alemba 400, mayiwa abweza 400 ndi 60 pamwamba. Ndiye pa atatuwa amene wasenza zochepa kwambiri ndi wachiwiri, wachitatu wasenzako pangono, woyamba wasenza zambiri.

Koma zoti mukasaina ndi woyamba mukagone tulo, ayi ndithu, pamenepo ndakana. Ndaona maobula ambiri a mtengo umodzi. Munthu akaona kuti ndalama ikumuthera sabwera kudzakuuzani, amakaibweza mu khoma. Pomwe amathira mawilibala atatu a mchenga pa thumba ayamba kuthira asanu. Zitsulo za mamilimita 12 zisanduka za 10, mu viga, lamba wa konkire wa pamwamba pa khoma, momwe munayenera kulowa zinayi mulowa zitatu, ndipo konkire ikathiridwa simudzazionanso. Malata abweretsa opyapyala oti chaka chachitatu ayamba dzimbiri. Mtengo sunasinthe, inde, koma nyumba mwalandira ina. Ukafuna kudziwa, pita madzulo ukakande pulasitala kapena motala wa dzana ndi msomali, akamayoyoka ngati chigumu chouma dziwa kuti simenti ikubedwa. Ndipo zitsulo muziwerenge ndi maso anu tsiku loti mawa athira konkire.

Nachisale77
Zimenezi zinandichitikira ine ndendende koma yanga inafika poipa. Tinapangana 260 mili nyumba yonse, anati ndimupatse 160 poyamba kuti agule katundu yense kamodzi zisanakwere, ine ndikuona ngati nzeru. Anamanga kufika pa windo, kenako foni yayamba kulira osayankha, kenako mwezi wathunthu kulibe. Ndinakamupeza ali pa obula ina ku Kalomwe akuti mayi ndalama inatha onjezerani. Ndinaitana mmisiri wina kudzayeza zomwe zinamangidwa anati sizikupitirira 90 mili. Ndiye mundiuze, pepala limati mavuto ndi ake, koma 70 mili yanga inali mthumba mwa ndani?

FisikaliWakale
Apa a Nachisale mwakhudza penipeni. Pepala linena zake, koma amene ali pangozi tsiku lililonse ndi amene watsogoza chake. Ndalama ikatsogola ntchito, muli pangozi ndinu. Ntchito ikatsogola ndalama, ali pangozi ndi mmisiri. Nchifukwa chake 480 ija isatuluke kamodzi. Idulidwe motsata zomwe maso akuona, ina maziko akatha, ina khoma likafika pa viga, ina denga likakwera, ina pansi ndi pulasitala zikatha. Yoyambira ikhale yochepa, ndipo ngati akuti ndi ya katundu, katunduyo atsitsidwe pabwalo panu osati kwake. Kumapeto mugwireko kangachepe, kaya 5 pa 100 yomwe ndi 24 mili, mpaka mvula yoyamba idutse muone ngati denga silikudontha.

MesitiriZuze
Kugwira ndalamako ndiye kumene timadana nako. Mvula ikadutsa mwini nyumba amasanduka wosaoneka, 24 mili yako uzingoyendera ngati ukupempha. Ine ndili ndi anthu atatu amene anandigwirira yotere mpaka lero

Domwe_Boyz
Tengani amisiri a ku Dedza amayi, ndi otchipa ndipo amagona pa obula pomwepo

AnaTsangano
Otchipa pa chiyambi. Mupangane mu metikali, kwacha ikagwa asangalala, ikalimba ayamba kulira kuti kwathu sikukwana. Ndipo akathawa mukamusaka kuti, muwoloka malire ndi pepala lanu lachipwitikizi?

Domwe_Boyz
Kwacha inalimbapo liti kkkkk

Chimwene_Furankungo
Nkhani ya kwacha isiyeni, ine ndinagulitsa soya ku Lizulu ndalama ndinabwera nayo mthumba la shuga koma posintha inakwana mchikwama cha malaya

MayiWaMbatatesi
Abale tabwererani kwa ine kkkk. Pali china ndinaiwala kunena. Malowo ali chakumunsi, kumapeto kwake kumayandikira dambo, nthawi ya dzinja pamatuluka madzi pangono. Woyamba uja anangoyenda ndi tepi pamwamba, sanakumbe paliponse. Wachiwiri ndi amene anati sangatchule mtengo chifukwa sakudziwa kuti pansi pali chiyani.

MesitiriZuze
Aaa amayi, mukanayamba ndi imeneyi. Ndiye wachiwiriyo si wakuba ayi, ndi munthu woona patali. Dothi lakuda la kudambo limafufuma likamwa madzi, chilimwe nkung'ambika, ukamanga pamwamba pake khoma limatsatira. Umayenera kukumba mpaka upeze dothi lolimba, mwina ndi mita imodzi mwina iwiri, sungadziwe usanalase khasu. Maziko okhawo akhoza kudya kawiri zomwe umaganiza. Amene wakupatsani 480 osakumba, kaya waikamo ya mantha yambiri, kaya sakudziwa chomwe akuchita, kaya akudziwa kuti adzabweranso kudzapempha yoonjezera khoma lili pakati inu simungathenso kumuthamangitsa.

FisikaliWakale
Ndikugwirizana ndi a Zuze. Mtengo umodzi umayenda bwino pamene ntchito ikudziwika yonse, kutalika, kufupika, mtundu wa buloko, kukula kwa zitsulo, geji ya malata, zonse zolembedwa. Pamene pali chosadziwika, kumukakamiza munthu kuti atchule mtengo umodzi ndi kumuuza kuti alosere, ndipo akalosera molakwa mudzakangana basi.

Ine ndikanakhala inu ndikanaidula pawiri ntchitoyi. Choyamba lembani anyamata awiri masiku awiri akumbe maenje anayi mmakona, makamaka mbali ya kudambo, muone dothi lolimba lili pati. Ndi 1,200 yokha imeneyo. Kenako maziko apangidwe pa tsiku kapena pa muyezo, koma ndi malire, mwachitsanzo mulembe kuti masiku asapitirire 15 popanda inu kusainanso. Maziko akafika pamwamba palibenso chobisika, kuchokera pamenepo mpaka denga ndiye mupemphe mtengo umodzi kwa onse atatu. Mudzaona woyamba uja akutsika, chifukwa chomwe amachiopa chachoka.

Za pa muyezo ndikutanthauza zomwe ma obula a boma amachita nthawi zina. Kumeneko kuli peresu gulobali, womwe ndi mtengo umodzi uja, ndiye kulinso seriye de peresu, pomwe mumagwirizana mtengo wa kyubiki mita imodzi ya kukumba kapena ya konkire, kenako fisikali amabwera ndi tepi kudzayeza zomwe zalowadi. Pamenepo kuya kwa maziko kuli pa inu, koma ulesi wa anyamata uli pa mmisiri, poti akakumba mita imodzi masiku atatu malipiro ndi omwewo.

MjigoWaZobwe
Zofanana ndi za mijigo izi. Ife pa mpingo tinafunsa okumba awiri. Wina anati mulipira pa mita iliyonse yomwe chitsulo chalowa, madzi apezeke asapezeke. Wina anati mtengo umodzi ndipo mulipira pokhapokha madzi atatuluka, koma mtengo wake unali wokwera kwambiri. Akuluakulu anasankha wa pa mita poti wotchipa, tinakumba mamita 60 kutuluka fumbi lokhalokha, tinalipira, tinasonkhanso kukumba pena. Walira mvula walira matope. Koma mudzi woyandikana nawo anatenga wa pa mita yemweyo madzi anawapeza pa 35, iwo ndiye amatiseka kuti ifeyo ndi atsoka. Ndiye sindinganene kuti tinalakwa kusankha, tinangovomera kusenza tokha osadziwa kuti tasenza

Nachisale77
Nanga wachiwiri uja ndi 15 yakeyo palibe njira yomukonzera? Chifukwa akuoneka ngati ndi amene akudziwa ntchito

FisikaliWakale
Ilipo. Vuto lake si kubweza maresibu, vuto ndi peresentiyo, chifukwa ikumulipira munthu kaamba kowononga. Muuzeni kuti yake ikhale 57 mili yokhoma, zinthu zikwere zitsike. Akatero alibenso chifukwa chokondwera simenti ikakwera, ndipo akachedwa akudzichedwetsa yekha poti 57 yomweyo aidya miyezi iwiri kapena isanu. Mukhoza kuonjezanso nyambo, kuti maresibu akathera pansi pa 380 zotsalazo mugawana, kaya inu 70 iye 30. Atamaliza ndi 360 ndiye kuti pa 20 mili yopulumukayo iye atenga 6, inu 14. Ndipo muike denga la ndalama, kuti zonse pamodzi zikadutsa mwachitsanzo 470 zopitirirazo ndi zake. Koma dziwani kuti mukangoika denga wayambanso kusenza, ndiye akhoza kukana kapena kukweza 57 ija.

Chinanso, ntchito ya maresibu imafuna munthu wokhala nawo pansi. Resibu ya pamanja yopanda chidindo aliyense akhoza kulemba. Matumba 40 alembedwa, afika 40? Alowa mu khoma lanu kapena ena apita pa njinga madzulo? Mulembenso zomwe zikubwezedwa ndi zomwe sizikubwezedwa. Mafuta a njinga yake yamoto, keredito ya foni, fosholo yatsopano yomwe adzapite nayo kwawo, khoma lomwe wapindika yekha nkuligwetsa, zimenezi mukapanda kuzitchula poyamba zidzalowa zonse mu kabuku.

MayiWaMbatatesi
Ine nthawi yokhala pa obula ndilibe, mmawa ndili kumunda masana pa msika. Bambo ndiye amayenda ndi lole ku Tete, sabata yonse kulibe

AnaTsangano
Ndiye mwadziyankha nokha amayi. Wopanda nthawi yolondera asatenge wa pa tsiku kapena wa maresibu

Domwe_Boyz
Ndimanena ine poyamba paja

MjigoWaZobwe
Funso langa kwa a Fisikali. Mvula yamkuntho ngati ya Ana ija ya Januwale 2022 yomwe inagwetsa mlatho wa Revubwe, itabwera khoma lili pa viga nkuligwetsa, pa mtengo umodzi amanganso ndi ndalama ya ndani? Ine ndimaona ngati ya mmisiri poti sanapereke makiyi

AnaTsangano
Ya mmisiri kumene, mtengo umodzi ndi umodzi

FisikaliWakale
Ambiri amaganiza choncho koma Kodigu Sivili, buku la malamulo a dziko lino, imanena zina. Pa nkhani ya empereitada, pangano lomangitsa kwa mmisiri, yomwe imayambira pa aritigu 1207, chomangidwa pa malo anu chimakhala chanu pomwe chikulowa mu nthaka, ngakhale katunduyo anagula ndi mmisiri. Ndiye aritigu 1228 imati chinthu chikawonongeka popanda wolakwa pakati pa awiriwo, tsoka ndi la mwini chinthucho. Khoma loimirira ndi la mayiwa. Matumba a simenti a mmisiri omwe anyowa ali mu shedi asanagwiritsidwe ntchito, amenewo ndi ake. Pokhapokha ngati munalemba zina mu pangano lanu, kapena zikaoneka kuti khomalo linagwa chifukwa anamanga mofooka, pamenepo ndiye mlandu ubwerera kwa iye. Ndipo mkangano umakhala pomwepo, wina akuti ndi mphepo wina akuti ndi simenti yochepa.

Mu malamulo omwewo muli chinanso chokhudza mtengo umodzi. Mmisiri akasintha kapena kuonjezera ntchito mwa nzeru zake, ngakhale munavomera pakamwa, popanda pepala lonena kuti mtengo wakwera ndi zakuti sangakulipiritseni mtengo womwe akufuna, angapemphe chabe molingana ndi phindu lomwe inu mwapezapo. Koma mukasintha ndinu, tinene mwaona kuti mukufuna windo lina kapena kakhonde kotsitsirapo matumba, ayenera kulipidwa zoonjezerazo ndi kupatsidwa masiku ena. Mtengo umodzi ndi wa ntchito yomwe munagwirizana tsiku lija, osati ya maganizo onse omwe adzakubwerereni pambuyo.

MesitiriZuze
Apa ndiye mwandiyankhulira. Kakhonde, kashelefu, "tangotsekaniko apa a mesitiri", pamapeto pake masabata awiri aulere. Koma za makhoti tisanamizane, ndani wa ife anapitako ndi nkhani ya khoma? Zimathera kwa a sekeretariyu a bairu kapena kwa anyakwawa, ndipo kumeneko sawerenga aritigu, amangoti gawanani pakati mukhululukirane

FisikaliWakale
Zoona, koma ngakhale kwa anyakwawa wobwera ndi pepala losainidwa ndi mboni ziwiri amamveka kuposa wobwera ndi pakamwa.

MesitiriZuze
Ine ndinabwera nalo pepala, amene anamveka ndi amene anali mlamu wake wa mfumu

Nachisale77
Kkkkkk a Zuze mwapsa mbali zonse, mtengo umodzi munapsa, kwa mfumu munapsa

MayiWaMbatatesi
Ndawaimbira onse atatu madzulo ano. Za maenje anayi onse avomera, anyamata akumba Lolemba. Wachiwiri wavomera 57 yokhoma koma denga la 470 wakana, akuti aone kaye maenjewo. Woyamba nditamuuza za dambo anakhala chete kenako akuti 480 ija inali ya maziko a masentimita 60, kupitirira apo tikambirananso, chonsecho papepala lomwe anandipatsa palibe pomwe analemba zimenezo. Wachitatu akuti za malire a masiku alibe nazo vuto bola tsiku lomwe katundu wasowa chifukwa cha ine lilembedwe lathunthu, la mvula theka. Bambo akadali pa wachitatu yemweyo.

AnaTsangano
La mvula theka? Mukalowa Disembala muzilipira anthu akusewera bawo pakhonde

MesitiriZuze
Theka ndi chilungamo amayi, munthu wachoka kwawo wasiya munda wake. Koma mulembe kuti ikagwa isanakwane 10 koloko ndiye theka, ikagwa masana atagwira kale ndi lathunthu, ikayamba usiku osabwera nkomwe palibe kanthu. Ndipo maenjewo akumbe mbali ya kudambo kufika mita ndi theka, asakuuzeni kuti pa 60 pakwana. Mutitumizire zithunzi za dothi lotulukamo, ndikufuna ndione mtundu wake.